Mafuta a Zaituni Analibe Lebulo

Mukafika pa Madisi n'kufunsa kuti ankakonza akwatibwi ndani zaka zapitazi, ngakhale wa kabaza akuuzani kuti anali a Zaituni, akazi awo a Rajabu a golosale ya kuseri kwa msika. Ine Faines, wogulitsa tomato ndi mtedza, ndakhala nawo mu banki nkhonde imodzi chiyambire gululo. Ine wa Chikhristu, iwo Msilamu. Ine wolongolola, iwo ofatsa moti munthu umachita kupsa mtima. Takangana kambirimbiri, ndipo nthawi zonse wokangana ndinali ine ndekha, iwo akungomwetulira. Nkhani yawoyi andiloleza okha kuti ndiinene, apo ayi bwenzi nditatseka pakamwa, ngakhale kutseka pakamwa si khalidwe langa.

A Zaituni anabadwira kumapiri a ku Ntchisi. Sukulu analekezera Sitandade 3, chaka chimene bambo awo anadwala ndipo panafunika manja osoka fodya. Mapemphero a Chiarabu amawanena pamtima osaphonya, koma Chingerezi cha pamapaketi kwa iwo n'chimodzimodzi mapazi a nkhuku pamchenga. Katundu wa m'golosale ankamudziwa ndi mtundu wa pepala ndi fungo, ndipo sankasokoneza. Mphatso yawo yeniyeni inali m'manja. Kuluka tsitsi, kumanga mpango, kujambula maluwa a hina m'manja mwa mkwatibwi, ayi ndithu, munthu ankalowa m'nyumba mwawo ali wamba n'kutuluka anthu akuimba nthungululu.

Zoyeretsa khungu sanaziyambe okha. Ankabwera ndi mawuwo ndi azakhali a akwatibwi. "Mumuyeretseko pang'ono, akuchimuna aone kuti tinasamala." Tsiku lina ku Lilongwe, kumene ankakaoda katundu, wogulitsa wina anawaonetsa timachubu ting'onoting'ono ndi mabotolo a mafuta olimba, n'kuwauza kasakanizidwe kake. Mpamba woyambira unachokera m'bokosi la gulu lathu lomweli, ndipo tinawaombera m'manja.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotere. Ankafinyira timachubu tija m'beseni, n'kuthiramo za m'mabotolo, n'kuonjezera mafuta odzola wamba, n'kutakasa ndi supuni mpaka zisalale. Kenako ankapatulira m'timabotolo totsuka bwino, kuti ngakhale wosauka agule. Makatoni onse ankayatsira mbaula, timachubu totha ankatitaya m'chimbudzi, ndipo lebulo iliyonse, kapepala komata pabotolo kaja, ankaimatula ndi madzi otentha. Sikunali kubisa choipa ayi. Mayi wina wa saluni anawaberapo nzeru ya kalukidwe, ndiye analumbira kuti msakanizo wawo sauona munthu. Iwo eni sanadzolepo. Ankati, "Ine ndinakwatiwa kale, ndiyererenji?"

Ana awo anali anyamata okhaokha kupatula Zakia. Mwana ameneyo anali wakuda bii ngati mayi ake, khungu losalala lonyezimira, ndi kampata pakati pa mano. Ine ndinkamuti mpongozi wanga pomuseka, iye n'kumati, "Aunt Faines, mwana wanuyo ayambe wasamba kaye." Kusukulu anzake ankamutcha Makala, iye ankangoseka. Chimene chinalasa mayi ake chinali china. Mnyamata wina anadzafunsira, zonse zinkayenda, mpaka azakhali a mnyamatayo atabwera kudzaona mbeta. Potuluka anayankhula mokweza, dala, kuti kwawo safuna ana oti usiku uziwafufuza ndi tochi. Ukwati unathera pomwepo. Zakia analira sabata yonse, ndipo a Zaituni anatenga kabotolo kamodzi n'kukamuikira pamutu pa bedi.

Chaka chotsatira kunabwera Hashim, dalaivala wa lole yonyamula soya, wa pa boma la Ntchisi. Anaima kudzagula madzi akumwa m'golosale ya a Rajabu, anapeza mtsikana woyera mbuu kuseri kwa kauntala, ndipo kuyambira tsiku limenelo ludzu linkamugwira pa Madisi pokhapokha. Anamanga nikah, ukwati wa Chisilamu, Zakia n'kupita ku Ntchisi. Mwezi uliwonse kabotolo kankakwera minibasi kudzera pa Mponela, atakakulunga m'chitenje pamodzi ndi anyezi. Zakia ankadzola thupi lonse, m'mawa ndi madzulo, mwamuna wake ali pamsewu. Zinayenda choncho zaka zingapo.

Atabwera kudzacheza ali ndi pakati, ife amayi a gulu tinavina. Nkhope inali itazungulira ngati mwezi, khosi litadzaza, kumsana kwa khosi kuli kalinunda ka mafuta. "Banja lakuyanja mwana iwe! Akukudyetsa chiyani dalaivalayo?" M'mikono munali mizere ikuluikulu yofiirira, ife tinati ndi kunenepa. Mapazi otupa tinati ndi mimba. Anagundidwa pang'ono ndi chitseko, pamalopo n'kubiriwira, ife tinati khungu la madona silifuna nkhanza. Tinali akhungu tonse, gulu lathunthu la azimayi obereka.

Gulu lathu limakumana Lachinayi masana pakhonde panga. Chaka chimenecho tinagwirizana kuti tikamaliza zoponya masheya tiziitana munthu wodzatiphunzitsa kanthu. Anabwerapo wa zaulimi, anabwerapo wa za katemera wa nkhuku. Ulendo uno anabwera a Deborah, nesi, mwana wa mchemwali wawo wa a Eleanor, msungichuma wathu. Anatumiziratu uthenga kuti aliyense abweretse chimene amadzola. Pamphasa panadzaza mabotolo, ndipo oposa theka anali timabotolo ta a Zaituni. Iwo anakhala kutsogolo, atavala mpango wawo wa pa Idi, akuganiza kuti lero malonda awo atamandidwa.

A Deborah sanayambe ndi kukalipa. Anatenga katoni n'kulembapo ndi makala mawu akuluakulu: HYDROQUINONE, MERCURY, CLOBETASOL, BETAMETHASONE.

"Amayi, sindikuti muwatchule, inenso lilime limandipota," anatero. "Muwaloweze maonekedwe ake ngati mmene mumalowezera chitenje chanu pachingwe. Mukatenga botolo m'sitolo, litembenuzeni. Kumbuyo kuli mawu akuti Ingredients, ndiye kuti zimene zili m'katimo. Yendetsani chala pang'onopang'ono. Mukapeza limodzi mwa awa, bwezani pashelefu. Ngati maso akukanika, funsani mwana wa sukulu. Paja safunsa anadya phula."

A Eleanor anapeza liwu loyamba lija pabotolo lawo la mapapaya ojambula, n'kukuwa ngati apeza njoka m'dengu. Tinaseka. A Deborah anati limenelo limayeretsa poyamba, koma ukalidzola nthawi yaitali limabweretsa mawanga akuda obiriwira m'masaya, ovuta kuchoka. Za mercury anati ndi poizoni wowononga impso ndi mitsempha, amanjenjemeretsa manja, amafika kwa mwana m'mimba ndiponso m'mkaka wa m'mawere. Anati nthawi zina amalembedwa kuti calomel, ndipo opanga ena osaopa Mulungu salemba n'komwe. N'chifukwa chake mafuta olonjeza kuyeretsa m'sabata imodzi ngoyenera kuwathawa, lebulo ikome bwanji.

Kenako anatola kabotolo ka a Zaituni. Anakatembenuza uku ndi uku.

"Nanga aka tiwerenga pati?"

A Zaituni anayankha mwaulemu kuti ndi msakanizo wawo, wabwino, wa timachubu ta ku Lilongwe.

"Timachubu totani, mayi? Ngati aka?" A Deborah anatulutsa m'chikwama kachubu kotha. A Zaituni anavomera ndi mutu, akumwetulirabe.

"Sindikukuimbani mlandu, mayi anga, amene anakugulitsani sanakuuzeni. Awa si mafuta odzola. Muli mawu awiri omaliza a pakatoniwa, mankhwala amphamvu a nthenda za pakhungu. Dokotala amapereka kuti upake pamalo pochepa, masiku ochepa. Ukamadzola thupi lonse miyezi ndi miyezi, amalowa m'magazi. Khungu limapyapyala, limang'ambika mizere yofiirira m'mikono ndi m'ntchafu. Nkhope imazungulira, kumsana kwa khosi kumatuluka linunda, munthu amaoneka ngati wanenepa. Shuga amakwera, BP imakwera. Akavulala kapena akachitidwa opaleshoni, bala limavuta kupola."

Ine ndinali kuyang'ana a Zaituni. Kumwetulira kuja kunatsalira pankhope kopanda mwini wake. Anadzuka, anaponda mabotolo, anasiya nsapato imodzi pamphasa, ulendo. Ndinawakuwira kuti amake Zakia, dikirani, sanatembenuke. Wa kabaza anatiuza pambuyo pake kuti anawasiya pa siteji ya minibasi za ku Mponela.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti a Deborah anali asanamalize. Mawu ofunika kwambiri anabwera a Zaituni atapita.

"Amene mwadzola nthawi yaitali, chonde musasiye lero ndi lero panokha," anatero. "Thupi lili ndi mphamvu ina imene limapanga lokha, yolithandiza kupirira matenda ndi opaleshoni. Likazolowera kuilandira kuchokera m'mafutawa, limasiya kupanga. Mukadula mwadzidzidzi khungu limayaka, thupi limafooka, ndipo munthu angathe kukomoka. Pitani kuchipatala, botolo ndi katoni yake kumanja, mukanene zoona. Akakuchepetserani pang'onopang'ono."

Ndinaimba foni madzulo omwewo, sinkapezeka. Kumapiri kuja netiweki imachita kufuna yokha. Ndinawapeza m'mawa mwake, ali kwa Zakia ku Ntchisi.

"Ndataya zonse, a Faines," anatero. "M'chimbudzi. Ngakhale zimene Zakia anabisa m'sutikesi."

Ndinawafotokozera zimene ananena a nesi. Ndinati mutengeni mwanayo lero lomwe, mukanene kusikelo zonse zimene wakhala akudzola. Kenako ndinamva Zakia akulanda foni.

"Aunt Faines, ndagwira mwendo wanu. A Hashim sadziwa. Amayesa ndinabadwa chonchi. Kusikelo amakhala achibale awo, mawa boma lonse lidziwa. Ndibereke kaye, ndikanena ndekha."

"Iwe Zakia, manyazi ndi moyo chachikulu n'chiti?"

"Inu simunamve zimene ananena azakhali aja. Ine ndinamva."

Ndinakalipa mpaka mayunitsi anatha. Sizinathandize. Zakia anawalumbiritsa mayi ake kuti sauza munthu, ndipo a Zaituni, amene ankadziona kuti amulakwira kale mwanayo kokwanira, analibe mphamvu yomukaniza kanthu. Anabwerera ku Madisi ndi lumbiro lawo. Ndinapita nawo kwa a Deborah, a Deborah anamuimbira Zakia kawiri konse. Anayankha mwaulemu kuti apita, koma sanapite.

Masabata otsatirawo nkhope yake inayaka, inatuluka tiziphuphu, inayamba kuda mawangamawanga. Ankadzikulunga mpango mpaka m'maso. Ankasanza, ankachita chizungulire akaimirira, ndipo apongozi ake ankati mimba yoyamba imatero. Hashim anali kuthamanga ndi soya, nyengo yokolola, ankafika kunyumba n'kugona ngati chipika.

Matenda a kubereka anayamba mwezi wake usanakwane. Kuchipatala anaona kuti mwana akuvutika m'mimba, ndipo anathamangira naye ku opaleshoni. Mwana anatuluka wamoyo, wamkazi, wochepa thupi koma wolira mwamphamvu. Mayi ake ndiye sanadzuke bwino. BP inagwa pansi, anamuika madiripu, imakwera pang'ono n'kugwanso. Madokotala ankafufuza ngati akutaya magazi m'kati, osapeza.

Ndinafika tsiku lotsatira ndi phala m'fulasiki. Ndinapeza a Zaituni atakhala pansi m'khonde la wodi, atatsamira khoma, akuwerenga tasibihi, mikanda yawo ya mapemphero. Maso anali atatupa.

"Mwanena?" ndinafunsa.

"Ndinalumbira, a Faines."

"Munalumbira! Lumbiro limenelo mukaliika m'manda limodzi ndi mwana? Dzukani. Mukapanda kunena inu ndikanena ine, ndipo ine ndikanena ndi pakamwa panga pomwepa, wodi yonse imva."

Ndinawakoka dzanja. Tinamupeza dokotala, mnyamata wamtali wotopa, ndipo a Zaituni anagwada pansi pa simenti n'kunena zonse. Dokotalayo sanawakalipire. Anawadzutsa, n'kufunsa kuti wadzola nthawi yaitali bwanji, wasiya liti. Kenako anafunsa kuti, "Dzina la mankhwalawo ndi chiyani, mayi? Muli ndi katoni yake, kapena kachubu?"

"Kachubu koyera, ka mzere wofiira," anayankha. "Kena kachikasu. Ndi botolo lalikulu lonunkhira ngati maluwa."

"Palibe chotsala chilichonse? Ngakhale kapepala?"

Zaka zonse zija akumatula malebulo ndi madzi otentha, mosamala, kuti pasatsale ngakhale chilembo chimodzi. A Zaituni anayang'ana manja awo n'kupukusa mutu. Ine ndinakumbukira mawu awiri a pakatoni ya a Deborah, ndinawatchula mopotoka, dokotala anamva. Anati zimenezi zikuthandiza kwambiri, ndipo anathamanga kukamubaya jakisoni wobwezera mphamvu ija imene thupi linasiya kupanga. Za botolo lalikulu lonunkhira maluwa, palibe amene akudziwa mpaka lero kuti munali chiyani.

Zakia anatsitsimuka. Anakhala tsonga, anamwa phala langa n'kunena kuti lachepa shuga, anamunyamula mwana. Anamutcha Ruksana. Ine ndinabwerera ku Madisi ndikuimba nyimbo m'minibasi, anthu akundiyang'ana ngati wamisala.

Koma bala linakana. Ulusi unkang'amba khungu, poti linali lopyapyala ngati pepala lonyowa. Anasokanso, linatsegukanso. Linayamba mafinya, thupi linatentha, shuga osatsika. Anamutumiza ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, a Zaituni ali pambali pake mu ambulansi, mwana ali pamiyendo. Kumeneko anayesetsa, a Zaituni amachitira umboni okha kuti anthu aja sanagone. Ine sindine dokotala, ndipo madokotala eni ake anati zinthu zingapo zinakumana pamodzi. Koma anatinso thupi lake linalowa m'nkhondo imeneyo lilibe zida.

Tsiku lomaliza akuyankhula, anafunsa mayi ake kuti, "Mwawauza a Hashim?"

"Ayi, mwanangu. Dokotala yekha."

"Musawauze. Ndikachira ndikawauza ndekha."

Anamwalira Lachisanu m'mawa, ndipo mwa mwambo wa Chisilamu anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Ine ndinalira mokuwa mpaka amayi a ku mzikiti anachita kundigwira pakamwa. A Zaituni sanakuwe. Anangokhala pakona atafukata khanda, akuligwedeza ngakhale linali m'tulo.

Pambuyo pa maliro anachita chinthu chimene ine sindikanakwanitsa. Anayenda khomo ndi khomo, kwa aliyense amene anagulapo kabotolo, mwana ali kumsana. Anafika mpaka kumidzi ya kutali kumene anakonzako akwatibwi. Sankapepesa ndi mawu ambiri. Ankangoti, "Musataye, musasiye nokha. Tengani kabotoloko mupite nako kuchipatala, mukati ndi ka Zaituni, muli mankhwala a m'timachubu." Ena anawatukwana. Mayi wina anawathira madzi otsukira mbale. Ena anawapempha mwakachetechete kuti awagulitseko komaliza, poti nkhope zayamba kuda, ndipo amenewo ndi amene ankawaliritsa pobwerera. Beseni lija analiboola ndi msomali. Kukonza akwatibwi analeka, ngakhale kuluka tsitsi kumene.

Hashim anavomera kuti mwana akhale kwa agogo ake ku Madisi, poti iye ndi wa pamsewu. Anabwera pa sadaka ya arubaini, mwambo wokumbukira malemu pakatha masiku makumi anayi. Anali atatha thupi, malaya akulendewera. Anthu atadya mpunga n'kubalalika, tinatsala pakhonde atatu, ine ndikupukuta mbale. A Zaituni anamupatsa mwana.

Makanda amabadwa oyererako, mtundu wawo weniweni umabwera pambuyo. Ruksana anali atayamba kuda, kuda kosalala konyezimira. Hashim anamuvundukula kashawelo, anamuyang'ana manja, anamuyang'ana makutu. Iye mwini ndi wofiirira, kwawo konse ndi ofiirira. Sanafunse mokayika ayi, anafunsa akumwetulira koyamba tsiku limenelo.

"Amayi, kuda kokongolaku watengera ndani? Inuyo?"

Ine ndinasiya mbale. A Zaituni anayankha akuyang'ana pansi.

"Watengera mayi ake."

"Zakia?"

"Anabadwa chomwechi. Anakula chomwechi. Kuyera kuja ndinamupatsa ndine, m'kabotolo. Ankaopa kuti mukadziwa mumusiya."

Anamuuza zonse, za azakhali a tochi aja, za minibasi, za chimbudzi, za bala. Ndinakonzeka kuti Hashim akadzuka ndi ukali ndiime pakati, chifukwa mayi ameneyo anali atamenyedwa kale mokwanira. Koma sanadzuke. Anangoyang'anitsitsa mwana uja, akumusisita tsaya ndi chala chake chokhakhala cha chiwongolero, misozi ikugwera pa shawelo.

"Ndiye nkhope ya mkazi wanga sindinaione," anatero.

A Zaituni anapukusa mutu.

"Amayi, ine tsiku loyamba lija ndinabwereranso ku golosale chifukwa anandiseka kuti ndikuwerenga chenji ngati nkhalamba. Ndinafuna ndimvenso kuseka kumene kuja." Anapukuta m'maso ndi phewa. "Bwenzi nditamukwatirabe, amayi. Ndithu bwenzi nditamukwatirabe."

Apo m'pamene a Zaituni anakuwa, kulira kumene anakusunga kuyambira ku Lilongwe, ndipo anthu amene anali atafika kale kumsewu anabwerera akuthamanga.